Mwasiya fodya koma sikelo ikungokwera: vuto lili pati, nanga mutani kuti musabwerere ku ndudu?

Vuto ili limabwera mofanana kwa anthu ambiri. Mwasiya fodya, sabata yoyamba ija ya kupsa mtima ndi kusagona mwaipirira, chifuwa chayamba kupepuka, nde patha mwezi umodzi kapena iwiri mukungoona zovala zayamba kuthina, lamba mwasunthira bowo lina, anthu ayamba kukuuzani kuti koma mwasalala. Kenako mumtima mumabwera kaganizo kaja koti aaa bola ndizingosuta ziwiri patsiku kuti thupi libwerere mwakale. Kaganizo kameneko ndi kamene kamagwetsa anthu, osati makilowo ayi. Anthu ambiri sakhala pa ndudu ziwiri nthawi yaitali, posakhalitsa amabwerera ku paketi yonse ngati kale.

Choyamba tidziwe kuti makilo ake ndi angati, chifukwa anthu ena amachita mantha ndi zinthu zoti nzabwinobwino. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya BMJ inatulutsa kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku ambirimbiri a anthu osiya fodya. Anapeza kuti pakatha mwezi umodzi munthu amakhala ataonjezera pafupifupi kilo imodzi, pakatha miyezi itatu pafupifupi makilo 3, ndipo pakatha chaka makilo 4 mpaka 5. Onani bwino pamenepo, zambiri zimabwera m'miyezi itatu yoyamba, kenako liwiro limachepa lokha. Komanso si onse amanenepa mofanana. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 16 anatsika kulemera, pomwe pafupifupi 13 anaonjezera kupitirira makilo 10. Amene amasuta kwambiri, paketi yonse kapena kuposa patsiku, ndi amene nthawi zambiri amanenepa kwambiri akasiya. Ndiye ngati muli pa mwezi wachitatu ndipo mwakwera makilo 3, palibe chaonongeka, muli pakati pa anzanu. Ngati muli pa sabata ya 6 ndipo mwakwera kale makilo 5, pamenepo pali pena pake pakudontha ndipo tiyenera kupapeza.

Chimachitika ndi chani m'thupimo

Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amakupangitsani kuti muzimufunabe, amagwira ntchito ziwiri zokhudza kulemera. Yoyamba amafulumizitsa thupi, mtima umagunda msanga, ndipo thupi limawotcha mphamvu zambiri olo mutangokhala pansi osachita kanthu. Kafukufuku wina wa mu 1986 anayeza anthu osuta ndudu 24 patsiku n'kupeza kuti matupi awo amawotcha pafupifupi makalori 200 owonjezera patsiku poyerekeza ndi tsiku limene sanasute. Makalori ndi muyeso wa mphamvu imene timapeza m'chakudya. Mukasiya, makalori amenewo sakuwotchedwanso. Ndiye munthu akamalumbira kuti ine sindinasinthe kadyedwe koma ndikunenepa, mwina sakunama, mbali ina ya nkhaniyi ndi imeneyo.

Ntchito yachiwiri ili mu ubongo. Muli kachigawo kamene kamauza munthu kuti wakhuta, ndipo nikotini amakatokosa kachigawo kameneko kuti kazinena kuti basi zakwana olo munthu wadya pang'ono. Nikotini akachoka, njala imabwera yeniyeni, si ya m'mutu chabe ayi. Ndipo chosowetsa mtendere nchakuti zizindikiro zina za kusiya fodya, monga kukwiya msanga, kusakhazikika, kusowa tulo, zimazilala pakatha masabata awiri mpaka anayi, koma njalayi imatha kukakamira kupitirira masabata 10. Anthu osiya fodya amapezeka kuti akudya makalori 200 kapena 300 owonjezera patsiku, makamaka m'zinthu zotolatola pakati pa chakudya, zotsekemera ndi zamafuta.

Pamwamba pa izo lilime ndi mphuno zimatseguka pakangotha masiku ochepa, chakudya chimayamba kukoma ndi kununkhira mwina kuposa momwe mwachidziwira kwa zaka zambiri. Kuonjezeranso dzanja lija linazolowera kupita kukamwa. Munthu wosuta ndudu 20 patsiku, ndudu iliyonse kukoka kakhumi, ndiye kuti dzanja limapita kukamwa maulendo 200 tsiku lililonse, nde mukuganiza kuti lingosiya lero lomwe? Limafuna chogwira. Ndipo pali china chimene ambiri sachizindikira: ndudu inali belu lotsekera chakudya. Mukamaliza kudya mumadzuka kukasuta, nkhani ya kudya yatha. Pano belu kulibe, mumangokhala pa tebulo pomwepo, mbale ikadali pafupi, kenako mwaonjezera.

Mukaphatikiza mbali ziwirizi, zosawotchedwa ndi zodyedwa mowonjezera, mpata wake umakhala pafupifupi makalori 400 mpaka 500 patsiku. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi pafupifupi makalori 7,700. Mpata umenewu ndiye vuto lonse, ndipo si waukulu moti nkufuna kudzipha ndi njala. Ntchito ndi kupeza kuti wanu uli pati.

Musanakonze chilichonse, yezani kaye

Sikelo imanama ngati mukuikwera nthawi zosiyanasiyana. Kulemera kwa munthu kumatha kusintha ndi kilo imodzi kapena kuposa pa tsiku limodzi lomwelo chifukwa cha madzi, mchere ndi zimene zili m'mimba. Kwerani kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, m'mawa mutapita kuchimbudzi musanadye, ndipo lembani. Kwa azimayi masiku oyandikira kusamba thupi limasunga madzi, musawerengere sabata imeneyo ngati chigamulo. Ngati muli ndi tepi yezaninso m'chiuno podutsa pa mchombo kamodzi pa masabata awiri.

Kenako kwa masiku atatu okha, awiri a ntchito ndi limodzi lopuma, lembani chilichonse chimene chalowa mkamwa, ndi nthawi yake, olo switi imodzi, olo supuni ya shuga. Osasintha kanthu, osadzikongoletsa, ingolembani mufoni. Mukatha yang'anani nthawizo n'kuzifanizira ndi nthawi zimene munkasuta. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti pamene panali ndudu pano pali chakudya, nthawi yake yomweyo ndendende.

Tiyerekeze bambo amene ankasuta ndudu 20 patsiku, amalemera makilo 72 tsiku losiya. Pa sabata ya 6 sikelo ikuti 75.5 ndipo wayamba kuganiza zosiya kudya masana. Atalemba masiku atatu zikupezeka kuti chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo sichinasinthe kwenikweni. Zatsopano ndi izi: maswiti pafupifupi 8 patsiku kuntchito, iliyonse makalori ngati 20, ndiye 160. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 masana, mmene muli shuga pafupifupi magalamu 35, makalori 140. Makapu awiri owonjezera a tiyi pa nthawi zimene ankatuluka kukasuta, kapu iliyonse masupuni atatu a shuga, supuni yaing'ono ndi makalori 16, ndiye pafupifupi 100. Zonse pamodzi 400. Onjezanipo 150 kapena 200 zimene nikotini ankawotcha, tafika pafupi 550 mpaka 600 patsiku. Kwa masiku 42 ndi makalori pafupifupi 24,000, kugawa ndi 7,700 ndi makilo atatu. Theka la kilo lotsalalo mwina ndi madzi ndi kudzimbidwa. Masamu akugwirizana ndi sikelo.

Ndiye taonani, chakudya cha masana chimene amafuna kuchisiya sichinalakwe chilichonse. Akachisiya afika 4 koloko ali ndi njala yoopsa, mutu ukuwawa, kupsa mtima, ndipo thupi lake linaphunzira kwa zaka zambiri kuti mankhwala a kumva choncho ndi ndudu. Chofunika ndi kukhudza zatsopanozo basi. Maswiti asinthe ndi chingamu chopanda shuga, apo wapulumutsa pafupifupi 150. Chakumwa chija asinthe ndi madzi ozizira, 140. Shuga m'makapu ake onse anayi a tsiku atsitse kuchoka pa masupuni atatu kufika imodzi, pafupifupi 130, ndipo ngati imodzi ikumuwawa ayambe ndi awiri kwa sabata imodzi. Kuyenda mwandawala mphindi 30 kwa munthu wa kulemera kwake kumawotcha makalori 130 kapena kuposerapo pang'ono. Mpata wonse watsekeka, chakudya chenicheni sichinachepe olo supuni imodzi. Makilo atatu aja sachoka pompopompo ayi, koma sikelo iima, ndipo pa miyezi yoyambayi kuimitsa ndiye cholinga.

Ngati mukumva njala nthawi zonse olo mwangodya kumene

Apa muyenera kuphunzira kusiyanitsa njala ndi chibaba, chifukwa zimafanana kwambiri, zonse zimamveka ngati kabowo pachifuwa kapena m'mimba. Chibaba chimabwera mwadzidzidzi, chimakhala ndi choyambitsa, mwina mwamaliza kudya, mwakangana ndi munthu, mwaona wina akuyatsa, ndipo chimafuna chinthu chimodzi chenicheni, kaya chotsekemera kaya chokhukhuta. Chimatha chokha pakapita mphindi zochepa, kawirikawiri zosakwana khumi. Njala yeniyeni imakwera pang'onopang'ono, siitha mukaidikira, ndipo ingalandire chakudya chilichonse. Ndiye kuyesa kwake nkosavuta. Imwani kapu ya madzi, dzukani pamene mulipo, yendani mphindi 10. Kuyenda kwakufupi kotere kunayesedwa ndipo kumachepetsadi chilakolako cha fodya panthawi yomweyo. Mukabwera ngati zatha, chinali chibaba. Ngati zikadalipo ndipo chipatso kapena dzira lowiritsa likukukopani, idyani, imeneyo ndi njala, musalimbane nayo.

Ngati njala yeniyeniyo ikubwera pafupipafupi, yang'anani chakudya cha m'mawa. Osuta ambiri m'mawa sadya, ndudu ndi kapu ya khofi basi mpaka masana, nikotini ndi amene amawanyamula. Mukasiya fodya n'kupitiriza osadya m'mawa, thupi limabweza ngongole madzulo ndi usiku, nde mumapezeka 10 koloko usiku mukutsegula kabati. Idyani katatu pa nthawi zodziwika, ndipo pa chakudya chilichonse pakhale chomanga thupi monga mazira, nyemba, nsomba, nyama kapena mkaka, ndi masamba ambiri, chifukwa zimenezi zimakhalitsa m'mimba kuposa zotsekemera ndi buledi woyera. Zotolatola muzikonzeretu nokha, chipatso, karoti, osadikira kuti njala ikusankhireni. Mtedza ndi wabwino koma chenjerani nawo, kadzanja kamodzi ka magalamu 30 ndi makalori pafupifupi 170, ndipo dzanja losowa ndudu limatha kubwerera m'thumba kasanu osadziwa. Tapani pang'ono muike m'kambale, thumbalo libwerere kutali.

Za belu lotsekera chakudya lija, pangani lina. Mukangomaliza dzukani pa tebulo, chotsani mbale, katsukeni mano. Mkamwa mukakhala mankhwala otsukira mano simufuna chakudya china komanso ndudu siikoma. Zikuoneka zachibwana koma zimagwira.

Ngati mimba yatupa ndipo sikelo yakwera msanga m'masabata awiri oyamba

Kawirikawiri si mafuta amenewo. Nikotini amafulumizitsa matumbo, ndiye akachoka anthu ena amadzimbidwa, pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse, ndipo zimafika pachimake cha m'sabata yachiwiri. Kilo imodzi ikhoza kukhala imeneyo. Madzi ambiri, masamba, zipatso, nyemba ndi kuyenda zimathandiza, ndipo zimatha zokha pakapita masabata angapo. Mbali inayo, ngati mwayamba kutafuna chingamu chopanda shuga chambirimbiri n'kumadzadza mpweya kapena kutsegula m'mimba, vuto ndi zotsekemeretsa zake monga sobito, chepetsani basi.

Koma pali kukwera kwina kumene sikwa fodya. Mukakwera makilo awiri kapena kuposa m'masiku ochepa okha, mapazi ndi akakolo zatupa, mukubanika mukagona chagada kapena mukayenda pang'ono, amenewo ndi madzi ndipo akhoza kukhala a mtima kapena impso. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osati kudikira sikelo ya sabata yamawa.

Ngati mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera, tulo kulibe, ndipo mukudya kuti mukhazikike

Funso langa loyamba limakhala lakuti mukumwa khofi wochuluka bwanji. Izi anthu ambiri sauzidwa. Utsi wa fodya, utsi weniweniwo osati nikotini, umachititsa chiwindi kuphwanya kafeini msanga kwambiri. Mukasiya, pakangotha masiku ochepa chiwindi chimabwerera pa liwiro lake lenileni, ndiye makapu anayi omwe aja amene munkamwa osamva kanthu pano akukhalitsa m'magazi ndipo akugunda ngati mwamwa asanu ndi atatu. Munthu amaganiza kuti ndi chibaba, amadya kuti chithe, usiku sagona, ndipo kusagona nako kumakweza njala tsiku lotsatira makamaka ya zotsekemera. Ena amaonjezeranso khofi m'malo mwa ndudu, ndiye zimangoipiraipira. Dulani kafeini ndi theka, kaya ndi wa mu khofi, tiyi wamphamvu, kola kapena zakumwa zopatsa mphamvu zija, ndipo masana akapendeka osamwanso. Izi zimachitika olo mukugwiritsa ntchito chingamu cha nikotini kapena zigamba za nikotini zomata pakhungu, popeza chimene chachoka ndi utsi.

Nkhani yomweyi ikukhudzanso mankhwala ena. Amene amamwa olanzapini, kilozapini kapena tiyofilini, mlingo wa mankhwala m'magazi umatha kukwera akasiya kusuta, nde dokotala ayenera kudziwa kuti mwasiya kuti aone ngati nkofunika kusintha mlingo. Osasintha nokha.

Ngati mkati mwa sabata zikuyenda koma kumapeto kwa sabata zonse zikugwa

Yang'anani mowa. Galamu imodzi ya mowa weniweni ili ndi makalori 7, pafupi ndi mafuta amene ali ndi 9, ndipo botolo limodzi la mowa wamba limakhala ndi makalori 150 mpaka 200 kutengera kukula kwake. Mabotolo asanu usiku umodzi afafaniza kuyenda konse kwa sabata. Koma choopsa kwambiri si makalori, ndi chakuti mowa ndi ndudu zinkayendera limodzi, ndipo pa botolo lachitatu munthu amene analumbira m'mawa uja sapezekanso. Ine maganizo anga ndi oti mwezi woyamba kapena iwiri ingousiyani kaye mowawo, mupindula kawiri.

Nanga mankhwala othandiza kusiya fodya amathandiza pa kunenepa?

Amathandiza koma tinene zoona, amachedwetsa chabe. Chingamu cha nikotini, zigamba zomata pakhungu, bupuropiyoni ndi varenikilini, anthu akamagwiritsa ntchito amanenepa pang'ono kuchepera anzawo, kusiyana kwake ndi pafupifupi kilo imodzi kapena kucheperapo pomaliza mankhwala, bupuropiyoni ndiye amene amaonetsa kusiyana kokulirapo. Pakatha chaka kusiyanako kumakhala kutachepa kapena kutatha. Phindu lake lenileni ndi lakuti amakugawirani nkhondo, miyezi iwiri kapena itatu yoyamba mukulimbana ndi chizolowezi cha ndudu njala isanafike ndi mphamvu zake zonse, ndipo nthawi imeneyo mukhoza kukhazikitsa kadyedwe ndi kuyenda.

Cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kugwiritsa ntchito mlingo wochepa kapena kusiya msanga, kenako mpata wotsalawo kuudzadza ndi maswiti. Chingamu chilipo cha mamiligalamu 2 ndi 4, ndipo amene ankayatsa ndudu yoyamba pasanathe mphindi 30 chidzukireni amafunika cha 4. Sichitafunidwa ngati chingamu wamba ayi. Mumatafuna pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa kapena kuwawa mkamwa, kenako mumachisunga pakati pa tsaya ndi nkhama, kuyabwako kukazilala mutafunenso, choncho kwa mphindi ngati 30. Mukatafuna mofulumira nikotini mumangomumeza, zotsatira zake ndi ntchilitchili, kutentha pamtima ndi nseru, chibaba chili pomwepo. Khofi ndi zakumwa zowawasa zimalepheretsa nikotini kulowa, ndiye musamwe kwa mphindi 15 musanatafune. Zigamba zambiri zimabwera za mamiligalamu 21, 14 ndi 7, ndipo wosuta ndudu zoposa 10 patsiku amayamba ndi 21 kwa masabata 6, kenako 14 masabata awiri, 7 masabata awiri. Tsatirani zolembedwa pa paketi yanu chifukwa mitundu imasiyana. Dziwaninso kuti nthawi imene mukutsika mlingo njala ikhoza kukweranso pang'ono, musadabwe, bwererani ku kulemba kwa masiku atatu kuja.

Bupuropiyoni ndi varenikilini ndi a dokotala. Bupuropiyoni saperekedwa kwa munthu amene anadwalapo khunyu kapena amene ali ndi vuto la kadyedwe monga kudzisanzitsa ndi kudzimana chakudya, ndipo ichi nchofunika kuchinena pano chifukwa anthu oopa kwambiri kunenepa ndi amene amawafuna mankhwalawa. Amayi oyembekezera, ndi amene adwala mtima posachedwa, afunse kaye kuchipatala olo pa chingamu ndi zigamba zomwe.

Kaganizo kaja kakabweranso, koti kunenepa nakonso ndi matenda ndiye bola kusuta

Mfundo imeneyi ili ndi kachoonadi pang'ono, nchifukwa chake imanyenga. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2018 anaonetsa kuti anthu amene anenepa kwambiri atasiya fodya amakhala pa chiopsezo chokwererapo cha matenda a shuga kwa zaka zingapo zoyamba, kenako chimatsika. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti olo amene ananenepa kupitirira makilo 10, chiopsezo chawo cha kufa ndi matenda a mtima, ndi cha kufa msanga ndi chilichonse, chinali chotsikabe poyerekeza ndi amene anapitiriza kusuta. Wina wa mu 2013 pa anthu a ku Framingham ku America anapeza kuti mwa anthu opanda shuga, osiya fodya chiopsezo chawo cha matenda a mtima ndi mitsempha chinali pafupifupi theka la cha osuta, ndipo kunenepa sikunafafanize phindu limenelo. Komanso fodyayo payekha amakweza chiopsezo cha shuga, ndipo osuta olo aoneke oonda amakonda kusunga mafuta m'mimba mkati, amene ndi oipa kuposa a m'ntchafu. Kuonda kwa fodya si kuonda kwa thanzi.

Chimene mfundoyi ikutiuza ndi chakuti ngati kwanu kuli a shuga, kapena munali onenepa kale musanasiye, kapena mwakwera kupitirira makilo 5, kayezetseni shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'chaka choyambachi. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kutopa kosadziwika bwino ndi zifukwa zopitira msanga. Amene muli kale ndi shuga muziyeza pafupipafupi miyezi yoyambayi popeza manambala amatha kusokonekera.

Ngati mwasuta kale imodzi chifukwa cha sikelo

Tayani zotsalazo lero, osati paketi ikatha. Ndudu imodzi siichotsa olo galamu imodzi ya mafuta, chimene yachita ndi kudzutsa chibaba basi, ndipo masiku awiri kapena atatu otsatira akhala ovuta, konzekerani. Ngati muli pa chigamba kapena chingamu pitirizani, musasiye poganiza kuti zalephereka. Kenako dzifunseni moona mtima kuti tsiku limenelo munadya chani. Nthawi zambiri mupeza kuti munadumpha chakudya, kapena munali pa tsiku lachitatu la kudzimana koopsa kumene munayamba mutakwiya ndi sikelo. Ngati kukwera sikelo kukukudwalitsani mutu, ibiseni kwa mwezi wathunthu muzingodalira lamba.

Nanga makilo amene abwera kalewo muyambe liti kuwachotsa? Ine ndimati dikirani mpaka mutatha miyezi itatu osasuta olo kamodzi, ndipo chibaba chikubwera mwa apo ndi apo osati tsiku lililonse. Pamenepo mukhoza kuchepetsa makalori 300 mpaka 500 patsiku, osapitirira apo, cholinga chikhale kutsika osaposa theka la kilo pa sabata. Kuyenda kuja kufike mphindi 150 pa sabata, ndipo onjezani masiku awiri a zolimbitsa minofu, kunyamula zolemera kapena kudzikankha pansi ndi kunjuta, chifukwa pa zinthu zonse zimene zinayesedwa pa osiya fodya, masewera olimbitsa thupi ndi amene phindu lake limaonekera mochedwa, pakatha chaka, osati m'masabata oyamba. Ndiye musawasiye pa sabata yachinayi poti sikelo sinasunthe. Ndipo mukangoona kuti chichepetsereni chakudya maganizo a ndudu ayambanso kubwera pafupipafupi, bwezerani chakudyacho kwa masabata awiri, zikakhazikika muyambirenso ndi kuchepetsa kocheperapo.